Mwana wachisamba akamwalira, amake tiziwaitana bwanji?

Ndinakula ndikudziwa kuti amayi anga ndiwo achisamba kwa agogo. Palibe anandiuza zimenezi, ndinkangomva mmene mudzi wonse unkaitanira agogowo. Aliyense wofika pakhomo pawo ankaodira ndi dzina la amayi anga, kutsogolo kuli "amake". Dzinalo sindilemba pano, chifukwa pakamwa panga silituluka ngakhale amayi ali kutali. Kwathu, kufupi ndi Linthipe m'boma la Dedza, mayi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake woyamba, ndiye panalibe choti ndikayikire.

Zoona zake ndinazimva ndili kale ndi ana anga, tsiku lina tikutonola chimanga pakhonde, chaka chomwe achemwali anga anataya mwana wawo woyamba. Mwanayo pano ndimutcha Chisomo, ndipo mlongo wake womupondera pamutu ndimutcha Dalitso. Si maina awo enieni.

## Mmene achemwali anakhalira amake Chisomo

Achemwali ali ndi dzina lomwe anapatsidwa ali khanda, koma linasiya kumveka kalekale. Atatha msinkhu n'kulangizidwa kumpingo, akuluakulu anatiuza ife ana kuti dzinalo tilisiye. Kuyambira pamenepo anakhala Nambewe, potsata mfunda wa abambo athu. Dzina laubwana lija linatsalira m'kaundula wa kusukulu ndi pakamwa pa agogo, amene msinkhu wawo unkawalola kuitana mdzukulu aliyense mmene afunira.

Koma Nambewe ndi dzina la anthu ambiri. Ine ndine Nambewe, mng'ono wathu ndi Nambewe, azakhali onse ndi a Nambewe. Munthu akakuwa kuchokera kumjigo kuti "Nambewe!" timacheuka tonse. Mfunda umanena kumene magazi ako achokera, koma sunena kuti ndiwe uti. Dzina la mwana ndi lomwe limamupatula mayi pakati pa abale ake, n'kumupatsa malo akeake m'mudzi popanda wina kukhudza dzina laubwana lija.

Dzinali silibwera tsiku lobadwa mwana. Limadikira kuti mchombo ugwe, mwana atuluke m'chikuta, apatsidwe dzina. Kwa achemwali, woyamba kulitchula anali apongozi awo aakazi. Anabwera kudzaona mdzukulu atasenza ufa ndi nkhuku, nakhala pamphasa chapatali, nati, "Mwadzuka bwanji amake Chisomo?" Achemwali anayankha akuyang'ana pansi, koma nkhope inawala. Moniyo inathandizanso apongoziwo, chifukwa kuyambira tsikulo anapeza njira yolankhulira ndi mkazi wa mwana wawo mosachita manyazi. Alamu akakhala awiri m'nyumba ankati "make Chisomo", pa anthu ankawonjezera ulemu n'kuti "amake Chisomo". Iwonso anakhala abambo ake a Chisomo. Dalitso atabadwa palibe chinasintha, poti dzina limakhala pa wachisamba, kaya ndi wamkazi kaya wamwamuna, ngakhale pambuyo pake pabwere ana asanu ndi awiri.

Dzina lenileni la achemwali linadzatulukiranso mu 2017, nthawi yolembetsa ziphaso za unzika. Masiku ano ndimaliona ndikamawatumizira ndalama pafoni, likaonekera kuti nditsimikize. Ndimaliwerenga ndi maso okha.

## Maliro atatha

Chisomo anamwalira mu February, mvula ili pakati, ali Sitandade 2. Anali malungo. Thupi linatentha usiku, m'mawa anayamba kukomoka, ndipo pofika kuchipatala magazi anali atachepa kwambiri.

Masiku a maliro dzina silivuta. Mayi wofedwa amangotchedwa namfedwa, amakhala m'siwa atazingidwa ndi amayi anzake, ndipo palibe amamuitanira patali. Vuto limayamba kumeta kukachitika, anthu atabalalika, moyo ukayambanso kufuna kuti wina abwereke mchere kwa mnzake.

Sipanakhale msonkhano uliwonse. Palibe anati kuyambira lero tizitere. Koma sabata zoyambirira ndinaona kuti aliyense wabwerera kwa Nambewe. Amayi a Chigwirizano pobwera kudzapepesa ankati Nambewe. Azakhali ankati Nambewe. Pofika nyengo ya Pasaka, mmodzi ndi mmodzi anayamba kunena kuti "amake Dalitso", poyamba mokhala ngati akuyesa, kenaka momasuka. Pokolola, dzina la Chisomo linali litachoka pakamwa pa mudzi wonse.

Anthuwo sanachite izi mwankhanza, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke. Ndinafunsa azakhali, nandiyankha kuti, "Ukamuitana ndi dzina la malemu ukumutosa pabala. M'mawa, masana, madzulo, azingokumbuka manda?" Ena achikulire ankawonjezera kuti wopita satchulidwatchulidwa, asiyidwe agone. Zifukwa zonsezi zimachokera m'chifundo.

Kwa alamu kusinthako sikunaoneke n'komwe. Mwamuna ali ndi maina ambiri othawirako. Anangokhalanso a Banda monga ankaitanidwira kumsika, ena n'kumati atelala chifukwa cha makina awo osokera. Achemwali analibe kothawira kotero. Kwa zaka zonse za moyo wa mwana uja, kumunda, kuchigayo, kusikelo, kubanki m'khonde, iwo anali amake Chisomo basi.

## Tsiku lotonola chimanga

Unali mwezi wa June, kukuzizira monga kumachitira ku Dedza. Ndinapita kumudzi kukathandiza kutonola kuti chimanga chithiridwe mankhwala chisanalowe anankafumbwe. Tinakhala pakhonde pa achemwali: iwo, amayi, agogo, ine, ndi Dalitso akusewera ndi zitsononkho pambali. Agogo manja anali atafooka, ankangotola maso a chimanga ogwera kunja kwa mphasa.

Kunabwera mayi wina woyandikana nawo nyumba, munthu wabwino amene anagona m'siwa masiku onse a maliro. Anaima pafupi ndi nkhokwe nati, "Odi, amake Dalitso, mundibwerekeko lichero."

Achemwali anapitiriza kutonola.

Mayi uja anaganiza kuti sanamveke, nabwereza mokweza pang'ono. Achemwali anaika chimanga pansi, napukuta manja pachitenje, nayankha ndi mawu otsika, osakalipa.

"Lichero lili m'khitchini, katengeni. Koma ndifunseko. Mwana wanga munakamuika kumanda ndikuona. Tsopano mukumuikanso kachiwiri? Chisomo wamwalira, inde, koma amene anamubala ndine, ndipo ndikadali moyo."

Mayi uja anagwada pomwepo n'kuyamba kulira, akupepesa. Amayi anangogwira pakamwa. Ine ndinayang'ana kwa agogo, poganiza kuti awadzudzula achemwali chifukwa choyankha mlendo motero. Agogo anakhala chete kanthawi, kenaka anawaitana achemwali ndi dzina lawo laubwana lija, lomwe ndinali ndisanalimve kwa zaka zambiri.

"Iwe, tamvera. Amakowa si oyamba. Kutsogolo kwawo kudali awiri."

Ndinayang'ana amayi. Iwo ankadziwa, zinaoneka pankhope. Ife ana ndi amene sitinkadziwa.

Agogo anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pa chimanga. Woyamba anali mwamuna. Anapatsidwa dzina, ndipo agogo anaitanidwa ndi dzinalo kwa chaka ndi miyezi. Anamwalira ndi chikuku atangoyamba kuimirira. Wachiwiri anapitira m'chikuta mchombo usanagwe. Ameneyo sanalandire dzina, anakaikidwa ndi amayi okhaokha, ndipo agogo anauzidwa kuti asalire mokweza. Amayi anga atabadwa, anthu sanafulumire. Anapitiriza kunena kuti Naphiri mpaka mwanayo atayamba kuyenda, ndipo pamenepo mpamene dzina lija tonse timalidziwa linakhazikika.

"Ine atandichotsera dzina la mwana uja ndidapuma," anatero agogo. "Munthu akandiitana nalo, mabere ankachita kuwawa. Ndinkathawa kupita kudambo kuti ndisamve. Tsiku lomwe apongozi adati Naphiri, ndidagona tulo. Ndiye anzakowa usawaone ngati afiti. Akukuchitira zomwe adandichitira ine, zomwe zidandithandiza."

Achemwali anafunsa kuti, "Nanga dzina lake munaliiwala?"

"Ndingaiwale bwanji? Koma ndidalisunga ndekha."

"Ine sindifuna kusunga ndekha, agogo."

Agogo anagwedeza mutu, natembenukira kwa mayi woyandikana naye uja, amene anali akadagwada. "Mwamva. Uyu ndi make Chisomo. Kauzeni anzanu kumjigo."

Nkhani inathera pomwepo. Mayi uja anatenga lichero, ife tinapitiriza kutonola mpaka dzuwa litapendeka.

## Chifukwa chake agogo ndi achemwali anasiyana

Kwa nthawi yaitali ndinkafuna kupeza amene analondola pakati pa awiriwa. Ndinaleka nditazindikira kuti anafedwa m'nthawi zosiyana kwambiri.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi muno, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Ameneyo ndi pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti chiwerengerocho chatsika kufika pa 63. Agogo anabereka ana awo kale kwambiri 1992 isanafike, katemera wa chikuku asanafike m'midzi. Pa nthawi yawo, mayi wotaya mwana woyamba sanali wachilendo. Pamtondo pomwe ankasinja, ambiri mwa anzawo anali atadutsamo. Mudzi unkadziwa chochita chifukwa unkachichita kawirikawiri: kubweza mayi ku mfunda wake, kudikira mwana wina alimbe, kenaka kumupatsa dzina latsopano. Ndipo mayiyo sankaopa kuti mwana wake aiwalika, popeza amayi anzake onse ankadziwa za ana a wina ndi mnzake ngakhale sankawatchula.

Achemwali anafedwa pakati pa anzawo amene ana awo oyamba onse ali moyo, akupita kusukulu m'mawa uliwonse kudutsa pakhomo pawo. Chisomo sanali khanda. Anali ndi anzake, aphunzitsi, yunifolomu, nyimbo zomwe ankakonda ku Sande sukulu. Dzina lake litachoka pakamwa pa anthu, achemwali anaona ngati atsala okha odziwa kuti mwanayo anakhalapo. Chomwe chinawapumitsa agogo ndi chomwecho chinawapweteka iwo.

Pali china chomwe ndinachiona mochedwa. Dzina la amayi anga ndi limodzi mwa maina aja odandaula, a mtundu wa Nditani, Maliro kapena Mavuto, omwe makolo ankapatsa mwana wobadwa pambuyo pa imfa. Chizindikiro chinalipo moyo wanga wonse. Tsopano ndikamva gogo akuitanidwa kuti amake Manda kapena amake Nditani, sindifulumira kuganiza kuti ameneyo ndiye wachisamba. Kawirikawiri kutsogolo kwake kumakhala wina amene mudzi unaleka kumutchula.

## Amene dzinali siliwafikira

Nkhani ya mwana wachiwiri wa agogo imandivutabe. Mayi amene wapita padera, kapena amene mwana wake wapitira m'chikuta, salandira dzina lililonse. Wasenza mimba miyezi isanu ndi inayi, wamva ululu wonse, koma amatuluka ali Nambewe kapena Naphiri monga analowera. Mwambo wathu umawerenga umayi kuyambira pa dzina la mwana, ndiye pomwe palibe dzina umakhala chete.

Chimodzimodzi mayi amene sanaberekepo. Tili nawo amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene anakhala pabanja zaka zambiri opanda mphatso. Anzawo onse a msinkhu umodzi anasanduka amake uje ndi amake uje, iwo n'kutsala ndi mfunda mpaka imvi. Palibe ankawatukwana, koma moni uliwonse pagulu unkaonetsa kusiyanako. Pa gule kapena pa maliro, wogawa ntchito akamati amake uje ku nkhuni, amake uje ku madzi, kenaka n'kutchula mfunda wokha, aliyense ankamva.

Chomwe abale anachita pamenepa ndimachiyamikira. Mng'ono wathu wotsiriza anakakulira kwa amayi aang'onowo kuyambira atasiya kuyamwa, ndipo agogo anayamba dala kuwaitana ndi dzina la mwanayo. Anthu anatsatira. Kwathu mwana wa mkulu wako ndi mwana wako, ndiye panalibe bodza. Lero ana a m'mudzimo sadziwa n'komwe kuti sanamubale okha. Izi zinandionetsa kuti dzinali lili m'manja mwa anthu. Akuluakulu akafuna amalipereka, amalichedwetsa, amalisuntha. Ngati anatha kulipereka kwa amayi aang'ono, akhozanso kulisiya pa mayi amene akulifuna.

## Mbali ya Dalitso

Sindikufuna kunamizira kuti mawu a agogo anakonza zonse. Akuluakulu ambiri anabwerera kwa amake Chisomo, ena mosangalala, ena mokakamizika. Azakhali mpaka lero amati Nambewe, ndipo amanena poyera kuti lilime lawo silingathe kutchula mwana amene anamusambitsa ndi manja awo. Achemwali sawakakamiza.

Amene sitinamuganizire tsiku lija ndi Dalitso, yemwe anali pomwepo ndi zitsononkho zake. Atayamba sukulu, tsiku lina anafunsa amake akumusambitsa kuti, "Amayi, bwanji inu si amake ine?" Anali ataona kuti anzake amene ndi aakulu m'nyumba zawo, amawo amaitanidwa ndi maina awo. Iye ndiye anali wamkulu mwa ana amoyo, wotumidwa kumjigo ndi kukaweta mbuzi, koma dzina linali la munthu amene iye ankangomukumbukira pang'ono.

Achemwali anandiuza kuti funsoli linawalasa kuposa moni wa mayi uja. Anamukhazika pansi n'kumufotokozera kuti iye ndi wachiwiri, kuti mlongo wake akanakhalapo dzina likanakhalabe lomwelo, monga zilili m'nyumba zina zonse. Mwanayo anamva, koma achemwali anasintha chinthu chimodzi. Anzake a Dalitso akabwera n'kunena kuti "amake Dalitso, alipo?" amayankha msanga ndiponso mokondwa. Aphunzitsi ake akawaitana motero pa msonkhano wa makolo, amayankha. Anthu amene anamudziwa Chisomo ndi amene amayembekezera kuti azitchula dzina lake. Amene anabwera pambuyo sawawerengera mlandu.

Ndiye lero achemwali ali ndi maina atatu oyenda nthawi imodzi, ndipo ukamva mmene munthu wawaitanira umadziwa kuti anawadziwa liti.

## Zomwe ndinapempha amalume

Pa mwambo wa kumeta, abale amakhala pansi n'kukambirana zambiri: chomwe chinadwalitsa malemu, ngongole za maliro, zovala zake zipita kwa yani, za chiliza. Amalume, monga mwini mbumba, ndi amene amatsogolera zokambiranazi kwathu. Chaka chathachi, mdzukulu wina wa m'banja mwathu atatayanso mwana, ndinapita kwa amalume madzulo a tsiku loti mawa lake kumeta. Ndinakhala pansi chapatali n'kuwapempha kuti pa zokambiranazo pawonjezeke funso limodzi kwa namfedwa: kodi tizikuitanani bwanji?

Amalume anayamba akana. Anati funso lotero silifunsidwa pabwalo, pamaso pa amuna ndi akuchimuna, chifukwa mayi wofedwa adzangoyankha zomwe akuganiza kuti akuluakulu akufuna kumva. Anatinso tsiku la kumeta ndi msanga kwambiri, munthu sadziwa n'komwe chomwe mtima wake udzafune mwezi wamawa. Pa zonse ziwirizi ananena zoona, ndipo ine ndinali ndisanaziganizire.

Chomwe anavomera ndi ichi. Pakapita mwezi, amayi awiri achikulire, mmodzi wa kuchikazi ndi wina wa kuchimuna, apite kwa namfedwa m'nyumba, pasakhale amuna, akamufunse. Zomwe wayankha akauze amayi anzawo kumjigo ndi kumpingo, kuti iye asachite kukonza munthu aliyense payekha. Akauzidwenso kuti akadzasintha maganizo anene. Pa miyezi yodikirayo aliyense aziti mfunda, chifukwa mfunda supweteka mbali iliyonse.

Amene anatumidwa kuchokera kuchikazi anali achemwali. Mtsikanayo, amene mwana wake anamwalira ali ndi miyezi isanu, anawauza kuti sakufuna kumvanso dzina la mwanayo pakamwa pa anthu, akufuna aziitanidwa Nangozo mpaka Mulungu adzamupatse wina. Achemwali anatuluka n'kukauza amayi onse zomwezo, ndipo iwo ndi amene amakumbutsa aliyense woiwala.